Mwana watenthetsa thupi koma mnofu wa kuseri kwa ntchafu ukumugwirabe: pofufuza ndi pati?

Aliyense amene waphunzitsapo ana kuthamanga mtunda waufupi amachidziwa chithunzi ichi. Mwana wanyamuka bwino, wadutsa mamita 30 ali patsogolo, kenako mwadzidzidzi akudumpha ndi mwendo umodzi, dzanja lili kuseri kwa ntchafu. Mukamufunsa, akuti anamva ngati wina wamukoka kapena wamugenda. Chimene chimasokoneza kochi n'chakuti mwanayo anatenthetsa thupi. Anazungulira bwalo kawiri, anadziwongola, anatuluka thukuta. Patapita masabata angapo zachitikanso, mwina kwa mwana yemweyo, mwina kwa mnzake.

Zikamabwerezabwereza chonchi, ine sindiyamba ndi kufunsa ngati mwana anatenthetsa thupi. Ndimafunsa mafunso atatu. Kodi asanathamange ndi mphamvu zake zonse, liwiro lalikulu limene miyendo yake inalawako tsiku limenelo linali lotani? Kodi panadutsa mphindi zingati kuchokera pamene anamaliza kukonzekera kufika pamene ananyamuka? Nanga miyendoyo inabwera pabwalo itanyamula chiyani: kutopa kwa dzulo, bala lakale, kapena msinkhu umene wangokwera kumene? Nthawi zambiri vuto limapezeka pa funso loyamba kapena lachiwiri, ndipo awiri amenewa ali m'manja mwa kochi.

Chimene chimang'ambika, ndi nthawi imene chimang'ambikira

Kuseri kwa ntchafu kuli minofu itatu imene imayambira pa fupa limene timakhalira, pansi pa thako, n'kutsika kukagwira pansi pa bondo. Chifukwa imadutsa mfundo ziwiri, ya m'chiuno ndi ya bondo, imagwira ntchito ziwiri: kukankhira ntchafu kumbuyo ndi kupinda bondo. Kwa othamanga liwiro, umene umavulala kawirikawiri ndi wa mbali yakunja.

Ambiri amaganiza kuti umang'ambika pamene phazi likukankha pansi. Akatswiri ambiri amaloza nthawi ina: pamene mwendo uli m'mwamba, bondo lapita kutsogolo, ndipo msongolo ukuponyedwa kutsogolo phazi lisanaponde. Pa kanthawi kameneko mnofu umakhala utatalika kwambiri, komanso ukugwira buleki kuti msongolo usapitirire. Kutalika ndi kukoka zimachitika limodzi, m'kuphethira kwa diso. Mphamvu imene mnofu umafunika kupirira pamenepa imakula kwambiri liwiro likamayandikira pachimake. Ichi ndicho chifukwa chake kuthamanga mopepuka, ngakhale kwa mphindi 20, sikuuphunzitsa mnofu ntchito imene ukukakumana nayo. Kumautenthetsa, inde, koma sikuutalikitsa mpaka pamene udzafike, ndiponso sikuupatsa katundu wofanana.

Kutentha kuli ndi phindu lake lenileni. Mnofu wa munthu amene wangokhala umakhala pa madigiri pafupifupi 35 kapena 36, ndipo ukagwira ntchito umakwera ndi madigiri awiri kapena atatu. Wotentha umakoka msanga, umamasuka msanga, ndipo uthenga wa m'mitsempha umayenda mofulumira. Kutenthako kumakwera kwambiri m'mphindi zoyambirira, ndipo pofika mphindi 10 mpaka 20 kumakhala kwafika pamene kungafike. Kuwonjezera mizungulo pamwamba pa apo n'kungotopetsa mwana. Mbali inayo, imene ambiri timaiwala, ndi yakuti kutenthako kumayamba kutsika mwana akangoima, ndipo akakhala pansi mphindi 15 mpaka 20, makamaka kukuzizira kapena kuli mphepo, zambiri zimene anapeza zimakhala zapita.

Mnyamata wa zaka 14

Ndinali ndi mnyamata wa zaka 14 wothamanga mamita 100, amene mwendo wake wamanzere unamugwira katatu m'miyezi iwiri. Ulendo uliwonse zinkachitika malo amodzimodzi, pakati pa mamita 40 ndi 50, ndiponso pa kuthamanga kwake koyamba kwa mphamvu zonse tsiku limenelo. Kawiri koyamba kunali kukoka chabe, anayenda bwinobwino mawa lake. Kachitatu anatsimphina masiku anayi, ndipo dokotala wa mafizo atamupima anati mnofu wang'ambika pang'ono pakati pa ntchafu, fupa lili bwino.

Ali mkati mochira, ndinakhala naye pansi ndi pepala. Ndinamuuza kuti, "Undiuze zonse zimene unachita kuyambira pamene unafika pabwalo, usadumphe chilichonse, ngakhale kumanga zingwe za nsapato." Ndinalemba chilichonse ndi nthawi yake. Anazungulira bwalo kawiri mopepuka, mphindi 5. Kenako anakhala pa udzu ndi anzake akudziwongola, miyendo yotambasula, manja akugwira zala za kuphazi, akucheza, kwa mphindi pafupifupi 15. Anadzuka, n'kuyesa kunyamuka pa mabuloko kawiri, mamita 10 okha. Atatero anavula tilakisuti, n'kukadikira gulu lake mphindi 25 atakhala pansi.

Pepalalo linayankha lokha. Pa mphindi pafupifupi 45 zonsezo, thupi linatenthedwa mphindi 5 zoyamba, n'kuzizira mphindi 15, n'kudzutsidwa masekondi ochepa, n'kuziziranso mphindi 25. Ndipo panalibe pamene miyendo inafika pafupi ndi liwiro la mpikisano. Kunyamuka kwa mamita 10 kumanamiza chifukwa kumaoneka kwamphamvu, koma pa mamita 10 thupi limakhala likadali lowerama, masitepe ndi aafupi, ndipo msongolo suponyedwa patali kutsogolo. Ana ambiri amafika pachimake pa liwiro lawo pakati pa mamita 20 ndi 40. Akatswiri amachedwerapo: pamene Usain Bolt anathamanga masekondi 9.58 ku Berlin mu 2009, liwiro lake lalikulu linali pakati pa mamita 60 ndi 80. Ndiye kuti mnyamata wangayu ankakumana ndi liwiro lake lonse koyamba mkati mwa mpikisano weniweniwo, ndi mnofu wozizira, pamalo pomwe pankamugwirapo.

Musanasinthe chilichonse pa gulu lanu, chitani zomwezi. Tengani wotchi ndi pepala tsiku limodzi, musawauze ana, mulembe zimene zikuchitika osati zimene munakonza. Kusiyana kwa ziwirizi kumadabwitsa.

Kumanga ndondomeko yokwera ngati masitepe

Mu 2007, katswiri wa ku Britain wa zolimbitsa thupi, Ian Jeffreys, analemba ndondomeko imene imadziwika ndi dzina lakuti RAMP. Mfundo yake ndi yakuti kukonzekera kuziyenda motsatana: kukweza kutentha, kudzutsa minofu imene igwire ntchito, kumasula mfundo poyenda, ndipo pomaliza kukweza mphamvu mpaka ifanane ndi ntchito imene ikubwera. Ndimaikonda chifukwa imakukakamizani kufunsa kuti gawo lililonse likukonzera chiyani gawo lotsatira. Pa tsiku la liwiro kapena la mpikisano, kwa ana a zaka 12 mpaka 17, zonse pamodzi zimanditengera mphindi 30 kapena kupitirira pang'ono.

Gawo loyamba ndi lalifupi, mphindi 5 kapena 6. Ana athamange mopepuka mamita 600 mpaka 800, koma osati mzere umodzi wokhawokha. Asakanize kuthamanga chammbali, chobwerera m'mbuyo, ndi kudumphadumpha manja akuzungulira. Chizindikiro chakuti zakwana ndi kathukuta pamphumi pamene mwana akutha kulankhula chiganizo chonse osabanika. Kukazizira onjezerani mphindi ziwiri kapena zitatu, ndipo asavule zovala zapamwamba. Kukatentha kwambiri chepetsani, ndipo amwe madzi.

Gawo lachiwiri limatenga mphindi 7 kapena 8, ndipo cholinga chake n'chakuti matako ndi minofu ya kuseri kwa ntchafu ziyambe kugwira ntchito mfundo zikumasuka. Mwana agone chagada, mawondo opinda, akweze chiuno ka 10, kenako ka 6 ndi mwendo umodziumodzi. Mufunseni kumene akumva. Akaloza thako, zili bwino. Akaloza msana, ndiye kuti akupinda msana m'malo mokankha ndi chiuno, ndipo muuzeni akweze pang'ono chabe, mimba atailimbitsa. Akadzuka, ayende masitepe aatali akugwada bondo lakumbuyo kufika pafupi ndi pansi, masitepe 6 mwendo uliwonse. Kenako aime ndi mwendo umodzi, awerame kuchokera m'chiuno msana uli wowongoka, mwendo winawo ukukwera kumbuyo, ka 5 mbali iliyonse. Amalize ndi kugwedeza mwendo kutsogolo ndi kumbuyo ka 10, ndi chammbali ka 10, atagwira mpanda kapena phewa la mnzake. Apa pamafunika diso la kochi, chifukwa ana amakonda kupikisana kuti aone amene akweze mwendo kufika kumutu pa ulendo woyamba. Kugwedeza koyamba kusapitirire bondo, ndipo kuzikwera pang'onopang'ono.

Gawo lachitatu ndi la kayendedwe ka miyendo, mphindi 5. Pa mtunda wa mamita 20, ayambe ndi kuguba bondo likukwera kufika pa msinkhu wa chiuno, kenako zomwezo akudumphadumpha, kenako athamange miyendo ili yowongoka, phazi likukokera pansi kulowa kunsi kwa thupi. Chilichonse kawiri, pobwerera akuyenda. Chomalizachi n'chofunika kwambiri pa nkhani yathu chifukwa chimapatsa minofu ya kuseri kwa ntchafu katundu ili yotalika, koma pa liwiro lochepa. Musachulukitse mitundu ya masewerawa. Itatu yochitidwa bwino ikuposa 10 yochitidwa miyendo ikukwekwereza.

Gawo lachinayi ndilo limene linkasowa pa pepala la mnyamata uja, ndipo ndi limene ndimaliteteza nthawi ikachepa. Mwana athamange mamita 50 kanayi kapena kasanu, ulendo uliwonse mofulumira kuposa wapitawo, mpaka womaliza ufike pafupi kwambiri ndi liwiro lake lonse. Vuto n'lakuti kuuza mwana wa zaka 13 kuti athamange pa maperesenti 70 n'kulankhula chinenero chimene miyendo yake sichidziwa. Ena amangojoga maulendo onse, ena amaphulika pa woyamba. Wotchi imathandiza. Tiyerekeze kuti mwana amamaliza mamita 50 m'masekondi 7.0 akathamanga ndi mphamvu zonse. Ulendo woyamba ukhale wa masekondi pafupifupi 10, wachiwiri 8.8, wachitatu 7.8, ndipo wachinayi 7.4 kapena kuchepera pang'ono. Mumuuze nthawi yake akangomaliza ulendo uliwonse. Pakatha masabata awiri kapena atatu amayamba kuzimva yekha, wotchi osafunikanso.

Mkati mwa ulendo uliwonse, liwiro lizikwera pang'onopang'ono m'mamita 25 kapena 30 oyamba, aligwire mamita otsalawo, ndipo akadutsa mzere asaime mwadzidzidzi koma atsike mofatsa mamita ena 20. Pa maulendo awiri oyamba kupuma n'kuyenda pobwerera basi. Pa awiri omaliza apume mphindi 2 kapena 3, chifukwa cholinga ndi liwiro, osati kutopa. Ngati avala nsapato za misomali pa mpikisano, azivale pa maulendo awiri omalizawa, kuti akatumba ndi akakolo azolowere. Pambuyo pake ndi pamene pamabwera kunyamuka pa mabuloko, kawiri, mamita 15 mpaka 20. Akatero apume mphindi 5 mpaka 8 akuyendayenda atavala, ndipo ndi wokonzeka.

Nanga kudziwongola kokhala pansi kuja? Sindinena kuti n'koipa. Kafukufuku wambiri wasonyeza kuti kukoka mnofu umodzi osasuntha kwa masekondi 60 kapena kupitirira kumachepetsa mphamvu yake kwa kanthawi, pamene kukoka kwa masekondi 20 kapena 30 kusintha kwake n'kochepa, makamaka ngati pambuyo pake pakubwera masewera oyenda. Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi mphindi zimene ana amataya atakhala pa nthaka, thupi likuzizira. Mwana amene amamva bwino akadziwongola mumulole, masekondi 20 pa mnofu, ataimirira, pakati pa gawo loyamba ndi lachiwiri. Kudziwongola kwautali kusungidwe mpaka masewera atatha.

Mphindi zodikira

Mukhoza kuchita zonsezi bwinobwino, mpikisano n'kuchedwa. Ili si vuto la ana okha. Pa mpikisano wa dziko lonse lapansi ku London mu Ogasiti 2017, Usain Bolt anagwa pa mpikisano wake womaliza, wa anthu anayi olandirizana kamtengo mamita 100 aliyense, mnofu wa kuseri kwa ntchafu yamanzere utamugwira. Anzake a timu ya Jamaica, kuphatikizapo Yohan Blake, anadandaula poyera kuti anawasunga nthawi yaitali m'chipinda chodikirira asanawalowetse m'bwalo. Kudikira sikungakhale chifukwa chokhacho pa kuvulala kulikonse, koma ngati akatswiri otere amaopa kudikirako, mwana wokhala pa udzu atavala kabudula yekha sitingamusiye choncho.

Choyamba n'kuwerenga chobwerera m'mbuyo. Ngati mwana athamanga 10:30 ndipo akuyenera kukaonekera kwa oyang'anira 10:15, kukonzekera kuthe cha m'ma 10:10, ndiye kuti kuyambe 9:40. Ana amantha amafuna kuyamba ola lathunthu nthawi isanakwane, ndipo mukawalekerera amafika pamzere atazizira komanso atatopa. Chachiwiri ndi zovala. Tilakisuti ivulidwe pomaliza penipeni, pamene aitanidwa ku mabuloko. Thalauza ndi lofunika kuposa juzi, popeza minofu imene tikuisunga ili m'miyendo.

Chachitatu n'kumuphunzitsa mwana chochita ali yekha, chifukwa kumalo odikirira kochi saloledwa kawirikawiri. Lamulo limene ndimawapatsa ndi losavuta kukumbukira: asakhale pansi kupitirira mphindi 5. Adzuke, adumphedumphe pa akakolo ka 10, agwedeze mwendo uliwonse ka 5, athamange pamalo amodzi mawondo akukwera masekondi 10. Ngati kudikira kwapitirira mphindi 15 ndipo pali kampata, athamange mamita 30 kawiri, koyamba mofewa, kachiwiri mofulumira. Zikapitirira mphindi 30, abwereze mwachidule: mphindi 3 zothamanga mopepuka, kugwedeza miyendo, ndi maulendo atatu okwera liwiro. N'chimodzimodzinso pakati pa mpikisano wachipulula ndi womaliza. Ngati padutsa ola limodzi kapena awiri, kukonzekera kwa m'mawa kunatha ntchito, ngakhale kuti ulendo wachiwiriwu mphindi 15 mpaka 20 zimakwana.

Pa masiku a masewera olimbitsa thupi, kudikira kumeneku timakupanga tokha. Ana 24 pa mzere umodzi, aliyense akudikira kuti atengedwe nthawi, ndiye kuti womaliza waima mphindi 15. Kapena kochi wasonkhanitsa gulu litangomaliza kukonzekera, n'kuyamba kufotokoza za ulendo wa sabata yamawa. Zolengeza zibwere poyamba kapena pomaliza, ndipo mizere ikhale yambiri, ya ana atatu kapena anayi.

Zizindikiro zina ndi tanthauzo lake

Nthawi zina vuto limatembenuka. Mwana akuthamanga bwino pokonzekera, koma pa mpikisano miyendo ndi yolemera, kapena nthawi yake pa masewera ikuipa kuyambira ulendo woyamba. Apa kukonzekera kwachuluka. Yang'anani ngati mukuwazungulitsa bwalo kanayi kapena kasanu, ngati masewera odumpha ndi ambiri, kapena ngati maulendo okwera liwiro akuchitika popanda kupuma. Kwa ana osakwana zaka 12, mphindi 15 mpaka 20 n'zokwanira, mtunda wa maulendowo ukhale mamita 30, ndipo gawo loyamba likhoza kukhala masewera othamangitsana. Koma masewera othamangitsanawo ayambire pa malo aang'ono, chifukwa pa bwalo lalikulu ana amaphulika ndi liwiro lonse m'mphindi yoyamba.

Ngati ulendo wachitatu wa masewera umakhala wofulumira kuposa woyamba nthawi zonse, ndiye kuti maulendo awiri oyamba ndi amene akumaliza ntchito yokonzekera. Onjezerani ulendo umodzi wa pafupi ndi liwiro lonse musanayambe kutenga nthawi.

Chizindikiro chimene sindichinyalanyaza ndi mwana amene akuti mwendo umodzi ukukoka. Funso ndi lakuti kukokako kukuchita chiyani pamene liwiro likukwera. Ngati kuli miyendo yonse iwiri, paliponse, ndipo kukuchepa ulendo ndi ulendo, nthawi zambiri ndi kuuma kwa masewera a dzulo kapena dzana. Ngati kuli mwendo umodzi, pamalo amodzi amene mwana angaloze ndi chala, ndipo kukukula pamene liwiro likukwera, tsiku limenelo liwiro latha. Asadziwongole kuti kumasuke, chifukwa kukoka mnofu umene wayamba kung'ambika kumakulitsa bala. Apa maulendo okwera liwiro aja amagwira ntchito yachiwiri: amakuonetsani vuto pa masekondi 8.8, mwana asanafike pa 7.0. Muziima kumbuyo kwawo kapena chammbali n'kumayang'ana. Sitepe ya mwendo umodzi ikafupika, kapena mwana akamasisita ntchafu pobwerera, muitaneni. Ana ambiri sanena okha, poopa kuchotsedwa pa mndandanda, choncho funso lakuti "Uli bwino?" limabweza "Eee" nthawi zonse. Ndi bwino kufunsa kuti, "Mwendo wamanzere ukusiyana bwanji ndi wamanja lero?"

Pamene kutenthetsa thupi kumalekezera

Tibwerere kwa mnyamata uja. Dokotala wa mafizo atamulola, tinayamba ndondomeko yatsopano, liwiro likukwera sabata ndi sabata. Kugwidwa kwa pa mamita 40 kunasiya, koma masiku ena ankati mwendowo ukukokabe pa ulendo wachitatu. Titafufuza tinapeza zinthu ziwiri. Masiku amenewo ankakhala atasewera mpira maola awiri dzulo lake. Ndiponso titamuyeza, anali atatalika masentimita 7 m'miyezi 9.

Atsikana ambiri amakula mofulumira kwambiri cha pa zaka 11 kapena 12, anyamata cha pa 13 kapena 14, ngakhale kuti ena amayamba msanga ndipo ena amachedwa ndi chaka kapena ziwiri. Pa nthawiyi mafupa a miyendo amatalika mofulumira, minofu imamveka yothina, ndipo mwana amene ankathamanga mosalala amayamba kuoneka ngati miyendo si yake. Kuyeza msinkhu miyezi itatu iliyonse kumakuchenjezani. Mwana akamatalika masentimita awiri kapena kuposa pa miyezi itatu, ndimatalikitsa gawo lachiwiri, ndimaonjezera ulendo umodzi wapakati pa gawo lachinayi, ndipo ndimachepetsa chiwerengero cha maulendo a mphamvu zonse pa masewera enieniwo. Masiku a liwiro lonse ndimawasiyanitsa ndi maola 48, ndipo mpira wa dzulo ndimauwerengera ngati tsiku la liwiro.

Pali chinthu china chokhudza msinkhu umenewu chimene kochi aliyense ayenera kuchidziwa. Mwa mwana amene akukula, malo amene mnofu umagwira fupa amakhala asanakhwime, ndipo akhoza kukhala ofooka kuposa mnofuwo. Mphamvu imene kwa wamkulu ikanang'amba mnofu, kwa mwana wa zaka 13 mpaka 17 ikhoza kuzula kachidutswa ka fupa. Zimachitika pa fupa lokhalira pansi pa thako, komanso kutsogolo kwa chiuno kumene kumayambira minofu ya kutsogolo kwa ntchafu. Mwana akamva kuthetheka, ululu uli pamwamba penipeni pansi pa thako kapena kutsogolo kwa chiuno, akulephera kuponda kapena kukhala pa mpando, musamuwongole, musamusisite, ndipo musamuuze kuti ayende kuti zimasuke. Apite kuchipatala akamujambule. Chimodzimodzinso ngati pali kutupa kwakukulu, magazi akuundana pansi pa khungu, kapena dzanzi likutsika mwendo.

Malire enanso ndi mphamvu. Kutenthetsa thupi kumakonzekeretsa mnofu umene ulipo lero, koma sikuupanga kukhala wolimba. Pa mbali imeneyi pali umboni wabwino wochokera ku mpira wamiyendo. Kafukufuku wa ku Denmark amene anasindikizidwa mu 2011, wa osewera mpira aamuna 942, anapeza kuti matimu amene ankachita masewera otchedwa Nodiki anali ndi mavuto a minofu ya kuseri kwa ntchafu ochepa kwambiri, osakwana theka la anzawo. Ku Norway, kafukufuku wa mu 2008 pa atsikana osewera mpira a zaka 13 mpaka 17 anapeza kuti ndondomeko yokonzekera ya mphindi 20, imene imadziwika kuti FIFA 11+, inachepetsa kuvulala konse ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Ndondomeko imeneyo si kuthamanga chabe: ili ndi masewera a mphamvu ndi oima ndi mwendo umodzi, ndipo Nodiki ali momwemo. Awa anali osewera mpira, osati othamanga mamita 100, koma mnofu wake ndi womwewo ndipo umavulala pa liwiro lomwelo.

Nodiki amachitika motere. Mwana agwade pa chinthu chofewa, mnzake amugwire akakolo mwamphamvu. Thupi likhale lowongoka kuchokera pa mawondo kufika kumutu, ndipo agwe kutsogolo pang'onopang'ono, akudziletsa ndi minofu ya kuseri kwa ntchafu, mpaka pamene walephera, n'kudzilandira ndi manja. Cholakwika chofala n'kupinda m'chiuno, matako n'kutsalira kumbuyo, zimene zimachotsa katundu pa mnofu umene tikuufuna. Woyamba kumene achite magulu awiri a ka 3 kapena ka 4, kamodzi pa sabata, chifukwa amawawitsa miyendo masiku awiri kapena atatu otsatira. Pakatha mwezi akhoza kufika magulu awiri a ka 6, kawiri pa sabata. Kwa othamanga liwiro ndimawaika kumapeto kwa masewera, osati patsogolo pa maulendo a mphamvu zonse, ndipo sindiwachititsa m'masiku atatu otsogolera mpikisano. Mwana amene bondo limamuwawa pansi pa chivundikiro chake, zimene n'zofala pa msinkhu wokula, asagwade. M'malo mwake agone chagada, zidendene zili patali ndi matako, akweze chiuno n'kugwira masekondi 10, kanayi.

Mnyamata uja anayamba Nodiki dokotala wa mafizo atavomereza, pa ka 3 chabe. Tinagwirizana kuti tsiku lililonse lotsatira mpira azindiuza asanayambe, ndipo tsiku limenelo maulendo ake azilekezera pa masekondi 7.8, liwiro lonse lidikire mawa lake. Popeza bala lakale ndilo chinthu chimene chimakweza kwambiri mpata wovulalanso pamalo omwewo, ulendo wowonjezera wa mamita 50 unakhalabe pa ndondomeko yake chaka chonsecho, ndipo pa tsiku la mpikisano ankanyamula kapepala m'thumba la tilakisuti kolembapo nthawi yoyambira kukonzekera ndi zochita ngati kudikira kwapitirira mphindi 15.